Mawu a M'munsi mwa Bajeti: Kufotokoza Komwe Manambala Achokera

Chaka cha chuma cha boma la Malawi cha 2021/22 chinali ndi miyezi isanu ndi inayi yokha. Chinayamba pa 1 Julayi 2021 n'kutha pa 31 Malichi 2022, chifukwa boma linkasintha kalendala yake kuti chaka chiziyamba mu Epulo, osati mu Julayi monga zinkakhalira kale. Munthu amene angandandalike manambala a zaka zitatu zotsatizana osadziwa zimenezi akhoza kusokonezeka kwambiri. Nthambi ya boma imene inkawononga ndalama zofanana mwezi ndi mwezi ingaoneke ngati inadulidwa gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama zake, kenako chaka chotsatira n'kuoneka ngati yawonjezeredwa gawo limodzi mwa magawo atatu. Chonsecho palibe amene anadula kapena kuwonjezera kanthu. Nambala iliyonse ndi yolondola, koma pakusowa chiganizo chimodzi pansi pa tebulo chonena kuti chaka chapakaticho n'chachifupi.

Ziganizo zotere ndizo zimatchedwa mawu ofotokozera bajeti. Kawirikawiri zimakhala m'munsi mwa tsamba kapena kumapeto kwa chikalata, m'zilembo zing'onozing'ono, ndipo ambiri amazilemba mothamanga ntchito yonse itatha kale. Kumeneku n'kulakwitsa, chifukwa wolemba bajeti amasankha zinthu zambiri asanalembe nambala ngakhale imodzi. Amasankha nthawi yomwe ndalama ziwerengedwe kuti zagwiritsidwa ntchito, amasankha mtengo wa dola, amasankha pomwe adulire manambala, ndiponso amasankha mtengo woti aukhulupirire pakati pa mitengo ingapo. Zosankhazo zikatsalira m'mutu mwake, tsiku lomwe wachoka pantchito bajeti imasanduka mulu wa manambala omwe palibe amene angawateteze pamaso pa komiti kapena odita.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyerekeze bungwe laling'ono lokonza mijigo m'midzi. Bungweli ndi longopeka, koma mitengo ya dola ndi mafuta yomwe likumane nayo ndi yeniyeni. Mu Okutobala 2023 msungichuma wake walemba bajeti ya Januwale mpaka Disembala 2024. Wothandiza wa kunja walonjeza madola 50,000. Mzere waukulu m'bajetimo ndi wokonza mijigo 40 pa K450,000 umodzi, zonse pamodzi K18,000,000.

Funso loyamba lomwe mawu ofotokozera ayenera kuyankha ndi lakuti ndalama zimawerengedwa liti. Mwini golosale aliyense amadziwa kuti ndalama zomwe zili m'dirowa n'zosiyana ndi zomwe zalembedwa m'kabuku ka ngongole, ndipo kuti afotokoze mmene malonda ayendera ayenera kunena ngati akuwerenga dirowa lokha kapena ndi kabuku komwe. Akauntanti nawo ali ndi njira ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba imatsata ndalama zenizeni: chinthu chimalembedwa tsiku lomwe ndalama zalowa kapena zatuluka mu akaunti. Yachiwiri imatsata ntchito: chinthu chimalembedwa tsiku lomwe katundu wafika kapena ntchito yagwiridwa, kaya walipidwa kale kaya ayi.

Kusiyana kwake kumaonekera kumapeto kwa chaka. Tinene kuti kontilakita wamaliza mijigo khumi yotsiriza pa 18 Disembala 2024, wapereka invoisi ya K4,500,000, koma ofesi yatseka chifukwa cha Khirisimasi ndipo malipiro atuluka mu Januwale 2025. Potsata ndalama zenizeni, lipoti la 2024 lionetsa kuti mijigo yadya K13,500,000 yokha pa K18,000,000 yomwe inakonzedwa. Membala wa komiti akaona zimenezo asangalala kuti bungwe lapulumutsa K4,500,000, mwinanso n'kupereka ganizo loti agulire njinga yamoto. Koma ndalamazo zili ndi mwini wake kale. Potsata ntchito, lipoti lomwelo lionetsa K18,000,000 yonse ngati yagwiritsidwa ntchito, ndipo K4,500,000 ilembedwa ngati ngongole yomwe ikudikira kubwezedwa.

Nthawi zina zimatembenuka. Bungwe likalipira lendi ya ofesi ya miyezi isanu ndi umodzi mu Okutobala 2024, pa K200,000 pamwezi, ndalama zotuluka ndi K1,200,000. Njira yoyamba iika zonsezo mu 2024. Njira yachiwiri iika K600,000 yokha mu 2024, popeza miyezi itatu yotsalayo ndi ya chaka chamawa.

Palibe njira yabodza pa ziwirizi. Yotsata ndalama zenizeni ndi yosavuta, imagwirizana ndi sitetimenti ya kubanki, ndipo mabungwe ang'onoang'ono ambiri komanso maboma ambiri amaigwiritsa ntchito. Vuto lake ndi loti imabisa ngongole za ogulitsa katundu omwe sanalipidwe. Unduna ungaoneke ngati sunapyole bajeti yake pomwe mainvoisi aunjikana m'kabati. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe dziko la New Zealand linasamukira ku njira yachiwiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo maiko ena akhala akulitsatira pang'onopang'ono. Choopsa kwenikweni ndi kusakaniza: kulemba bajeti m'njira imodzi, lipoti m'njira ina, kenako n'kumaziyerekeza ngati n'zofanana. Malamulo a dziko lonse lapansi a kalembedwe ka maakaunti a boma, otchedwa IPSAS, ali ndi gawo lapadera pa nkhaniyi, IPSAS 24, lomwe limafuna kuti poyerekeza bajeti ndi zomwe zachitikadi, mbali zonse ziwiri ziwerengedwe mofanana.

Msungichuma wa bungwe la mijigo safunika tsamba lathunthu kuti atseke mpata umenewu. Angalembe motere:

"Bajeti iyi ndi ya miyezi 12, kuyambira 1 Januwale mpaka 31 Disembala 2024. Ndalama zawerengedwa pa tsiku lomwe zilowe kapena kutuluka mu akaunti. Ntchito yomwe yagwiridwa koma sinalipidwe pofika 31 Disembala siili m'manambalawa. Idzalembedwa pa mndandanda wapadera wa ngongole. Ntchito ya anthu a m'midzi ndi mchenga womwe amatuta okha sizinaikidwe mtengo."

Chiganizo chomalizacho ambiri amachiiwala. Zomwe zasiyidwa kunja kwa bajeti zimafunika kutchulidwa ngati mmene zimatchulidwira zomwe zili mkati. Bungwe lina likawerengera ntchito ya anthu a m'mudzi monga gawo la mtengo wa mjigo, lina ayi, wothandiza woyerekeza mabungwe awiriwo aganiza kuti lina ndi lowononga pomwe kusiyana kuli pa kawerengedwe kokha.

Funso lachiwiri ndi la mtundu wa ndalama, ndipo pano ndi pomwe bajeti zambiri za 2024 zinagwera m'mavuto. Chilembo K pachokha sichikwanira, chifukwa kwacha ili ku Malawi ndi ku Zambia komwe, ndipo mphamvu zake n'zosiyana kutali. Pa chikalata chowoloka malire, monga cha ntchito yochitika ku Mchinji ndi ku Chipata, pamafunika zilembo zomwe mabanki amagwiritsa ntchito: MWK ya Malawi ndi ZMW ya Zambia. Ngakhale m'dziko limodzi ndalama imasintha nkhope. Pa 1 Januwale 2013 Zambia inachotsa maziro atatu pa kwacha yake, moti K1,000 yakale inasanduka K1 yatsopano, ndipo Mozambique inachita chimodzimodzi ndi metikali mu 2006. Tebulo lodutsa zaka zimenezo liyenera kunena ngati manambala akale asinthidwa kukhala a ndalama yatsopano.

Koma nkhani yaikulu ndi mtengo wosinthira. Pomwe msungichuma wathu ankalemba, mabanki ankagulitsa dola pa K1,180 kapena pafupi pamenepo, choncho madola 50,000 aja anawalemba ngati K59,000,000. Pa 9 Novembala 2023 Banki Yaikulu ya Malawi inasuntha mtengowo kufika pa K1,700. Madola omwewo anasanduka K85,000,000. Bajeti inali isanayambe n'komwe kugwira ntchito, koma nambala yake yoyamba inali itasiyana ndi zenizeni ndi K26,000,000.

Wosazama angati bungwe lapeza mwayi. Ayi ndithu. Zipangizo zambiri za mijigo ya Afridev, yomwe ndi yofala m'midzi ya ku Malawi, zimachokera kunja, ndipo mitengo yake imatsata dola. Ngati K20,000,000 ya m'bajetimo inali ya katundu wotere, ndiye kuti inali pafupifupi madola 16,950, omwe pa mtengo watsopano akufuna K28,800,000 ndi kanthu pamwamba. Mafuta nawo anakwera sabata yomweyo. Malipiro a antchito sakwera tsiku lomwelo, koma antchitowo sachedwa kubwera kudzadandaula. Kuti komiti idziwe ngati bungwe lapindula kapena laluza, iyenera kudziwa mizere yomwe imayenda ndi dola ndi yomwe imayenda ndi kwacha, ndipo zimenezi siziwoneka pa tebulo lomwe manambala onse alembedwa m'makwacha.

Mawu abwino ofotokozera mtengo wosinthira amanena zinthu zingapo m'chiganizo chimodzi kapena ziwiri: mtengo weniweniwo, tsiku lake, komwe watengedwa, ndiponso ngati ndi wogulira kapena wogulitsira. Mfundo yomalizayi ndi yaing'ono koma imadya ndalama. Bungwe lolandira madola limawagulitsa ku banki, choncho limapatsidwa mtengo womwe banki imagulira, womwe umakhala wotsika kuyerekeza ndi womwe banki imagulitsira. Msungichuma wathu anagwiritsa ntchito mtengo wogulitsira powerengera ndalama zolowa, ndiye kuti anadzilonjeza makwacha ochulukirapo kuposa omwe akanalandira. Akanalemba kuti "mtengo ndi wogulitsira," wina m'komiti akanaona cholakwikacho bajeti isanavomerezedwe. Ubwino wina wa mawu ofotokozera ndi womwewu: amaika poyera zolakwa za wolemba nthawi ikadalipo.

Ngakhale maperesenti a kugwa kwa ndalama amafuna kufotokoza. Kusintha kwa mu Novembala 2023 kunalengezedwa ngati 44 peresenti, ndipo n'zoona kuti dola inakwera ndi 44 peresenti, kuchoka pa 1,180 kufika pa 1,700. Koma poyang'ana mbali inayo, madola omwe kwacha imodzi ingagule anatsika ndi pafupifupi 31 peresenti. Bungwe lomwe linali ndi K59,000,000 kubanki linatsala ndi mphamvu yogula madola pafupifupi 34,700 m'malo mwa 50,000. Wolemba amene angachotse 44 peresenti pa 50,000 apeza 28,000, yomwe si yolondola.

Nkhani ya kudulira manambala ndi yaifupi, koma imayambitsa mikangano yambiri pa misonkhano kuposa mmene iyenera. Bajeti zikuluzikulu zimalembedwa m'masauzande kapena m'mamiliyoni, ndipo pamwamba pa mzere wa manambala pamalembedwa K'000. Tiyerekeze mizere itatu: K1,240,400, K2,310,400 ndi K3,150,400. M'masauzande ioneka ngati 1,240, 2,310 ndi 3,150. Wophatikiza ndi kalikyuleta apeza 6,700. Koma chiwonkhetso chenicheni ndi K6,701,200, chomwe pa tebulo chioneka 6,701. Membala wosamala akapeza kusiyana kwa 1 ameneyu amayamba kukayikira tebulo lonse, ndipo sitingamudzudzule. Msungichuma wina amathetsa vutoli mwa kusintha nambala imodzi mwakachetechete kuti zigwirizane, koma kutero n'kuika bodza laling'ono m'chikalata. Chofunika ndi chiganizo chimodzi chonena kuti manambala asendezedwa ku sauzande yapafupi, kuti kuphatikiza kwachitika pa manambala athunthu, ndipo chifukwa cha ichi ziwonkhetso zina zingasiyane pang'ono ndi zomwe wowerenga angapeze.

Lamulo lake ndi loti kudulira kumachitika kumapeto, osati pakati pa masamu. Mtengo wa lita ya petulo wa mu Novembala 2023, K2,530, ukalembedwa m'masauzande usanachulukitsidwe, usanduka 3, ndipo malita 3,000 aoneka ngati K9,000,000 m'malo mwa K7,590,000. Pa kompyuta pali msampha wina. Mu Excel, kuchepetsa manambala ooneka pa sikirini sikusintha nambala yomwe yasungidwa, pomwe `=ROUND(B4,-3)` imatulutsa nambala yosinthidwadi. Matebulo awiri ooneka chimodzimodzi angapereke ziwonkhetso zosiyana chifukwa cha kusiyana kumeneku.

Kuti tizidutswa totayidwa timawunjikana, msika wa masheya wa ku Vancouver m'dziko la Canada unaonetsa poyera. Mu 1982 unayambitsa nambala yoyezera mitengo ya masheya pa 1,000. Nthawi iliyonse yomwe malonda achitika, kompyuta inkawerengeranso nambalayo n'kungodula zotsalira pambuyo pa malo atatu a desimali m'malo mozisendeza ku nambala yapafupi, ndipo izi zinkachitika kambirimbiri pa tsiku. Pofika mu Novembala 1983 nambalayo inali itatsikira pa 524.811. Ataiwerengeranso molondola anapeza kuti inayenera kukhala 1,098.892.

Zizindikiro za m'tebulo nazo zimafuna mawu ake. Kamzere, ziro ndi malo opanda kanthu si chinthu chimodzi. Wolemba anene kuti kamzere kakutanthauza kuti palibe ndalama zomwe zaikidwa, ziro akutanthauza ndalama zosafika theka la sauzande, ndipo malo opanda kanthu akutanthauza kuti nambala sinapezeke.

Chotsala ndi gwero la nambala iliyonse. Manambala a m'bajeti amaoneka ofanana pa pepala, onse otayipidwa bwino, koma kulimba kwake n'kosiyana. Ena achokera pa malisiti a chaka chatha. Ena achokera pa makoteshoni a ogulitsa. Ena ndi mitengo yolengezedwa ndi boma. Ena ndi kungoganizira kwa munthu wodziwa ntchitoyo. Kuganizira sikolakwika, popeza bajeti iliyonse imanena za mtsogolo, koma wowerenga ali ndi ufulu wodziwa nambala yomwe ili yolimba ndi yomwe ili yongoyerekeza, kuti adziwe pofunsa mafunso.

Mzere wa mafuta ukuonetsa bwino mmene mawu a gwero amathandizira. Msungichuma akangolemba kuti "Mafuta: K5,238,000," palibe amene angachite nayo kanthu nambalayo zinthu zikasintha. Koma angawonjezere kuti:

"Makilomita 30,000 pachaka, malinga ndi buku la maulendo a galimoto la 2023. Lita imodzi pa makilomita 10, ndiye kuti malita 3,000. Mtengo ndi K1,746 pa lita ya petulo, womwe MERA inalengeza ndipo ukugwira ntchito mu Okutobala 2023."

Mu Novembala 2023 petulo atakwera kufika pa K2,530, aliyense wokhala ndi mawu amenewa akanatha kukonza mzerewo m'kamphindi: malita 3,000 pa mtengo watsopano ndi K7,590,000, kutanthauza kuti pakufunika K2,352,000 yowonjezera. Komanso mkangano wa m'komiti umapita pamalo oyenera. M'malo mokangana ngati mafuta "achuluka," anthu amafunsa ngati makilomita 30,000 ndi ofunikadi, kapena ngati galimoto yakaleyo imayendadi makilomita 10 pa lita m'misewu yafumbi nthawi ya dzinja. Amenewa ndi mafunso omwe dalaivala ndi woyang'anira ntchito angayankhe.

Koteshoni ili ndi zake zofunika kuzitchula. Imakhala ndi tsiku, ndipo ogulitsa ambiri amalembapo kuti mtengowo ugwira ntchito masiku angati. Koteshoni ya mu Okutobala ya katundu wodzagulidwa mu Juni si lonjezo, ndipo ngati wolemba wawonjezerapo kanthu poopa kukwera kwa mitengo, anene kuchuluka kwake ndi mizere yomwe wawonjezerapo. Anenenso ngati mtengowo uli ndi msonkho wa VAT. Mu 2023 msonkhowu unali 16.5 peresenti, kutanthauza kuti pa ntchito ya K18,000,000 mawu awiri akuti "popanda VAT" akanatha kubisa K2,970,000.

Chiwerengero cha anthu chimasokonezanso chimodzimodzi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17,563,749 m'Malawi, ndipo ofesi ya boma yoona za ziwerengero ku Zomba imatulutsanso manambala oyerekeza a zaka zotsatira. Bungwe lonena kuti ndalama zomwe likuwononga pa munthu mmodzi ndi zakutizakuti linene ngati lagawa ndi anthu a kalembera wa 2018, ndi oyerekeza a 2024, kapena ndi mayina a m'kaundula wa anyakwawa. Manambala atatuwo sagwirizana, ndipo yankho limasintha malinga ndi yomwe yasankhidwa.

Mawu ongoti "malinga ndi mitengo ya pamsika" kapena "malinga ndi zomwe takhala tikuona" si gwero. Njira yoyesera ndi yosavuta: msungichuma apereke bajeti ndi mawu ake kwa mnzake amene sanakhalepo polemba, amuuze kuti asankhe mizere itatu n'kuiwerengeranso kuchokera pachiyambi. Pomwe mnzakeyo waima n'kufunsa kuti "iyi mwaitenga kuti?" ndi pomwe pakusowa mawu. Mizere ing'onoing'ono yofanana, monga mapepala ndi zolembera, ingagawane chiganizo chimodzi. Mphamvu zipite pa mizere ikuluikulu ndi yomwe ingasinthe msanga. Mawu aliwonse apatsidwe nambala, ndipo nambalayo ilembedwe pafupi ndi mzere womwe akufotokoza, kuti wowerenga asamasakesake.

Bajeti ikasinthidwa, mawu ake asinthidwe nayo limodzi. Bungwe la mijigo litakhala pansi kumapeto kwa Novembala 2023 kukonzanso manambala, chikalata chatsopano chikanayenera kunena pamwamba kuti ndi chachiwiri, kupereka tsiku lake, ndi kutchula zomwe zasintha: mtengo wa dola, mtengo wa petulo, ndi makoteshoni atsopano a zipangizo. Chikalata choyamba sichitayidwa, chifukwa ndicho chomwe wothandiza anavomereza, ndipo odita akadzabwera mu 2025 adzafuna kuona zonse ziwiri pamodzi ndi kalata yomwe inalola kusinthako.